KUTENGERA ZA M'DIMBA KU MSIKA: PA NJINGA, M'BASI NDI PA LOLE

Kwa alimi, mafumu ndi nyakwawa.

Mbewu ya matimati, imene ena aitcha phwetekere, itenga miyezi itatu kapena inayi kuchokera pa nazale kufikira pothyola. Masiku onsewo mlimi athirira, apalira, azika mitengo yochirikizira, naingitsa mbuzi. Koma ntchito yonseyo ikhoza kutayika pa ulendo wa maola atatu okha, ngati katundu aikidwa moipa pa galimoto. Chifukwa chake kalata iyi ifotokoza chinthu chimodzi: makonzedwe a malo a katundu, kuyambira pakhomo panu kufikira pa msika. Titenga chitsanzo cha alimi a kumapiri a Dedza ndi Ntcheu, monga a ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano, amene alima mbatatesi, kabichi, anyezi ndi matimati, nazitumiza pa msewu waukulu wa M1 kunka ku Lilongwe. Mzinda umenewo unakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, ndipo anthu ake adya ndiwo zambiri za kumapiriko. Kuchokera pa Lizulu ulendowo upitirira makilomita 100. Koma malangizo awa athandizanso mlimi wa kwina kulikonse.

1. MALO AYAMBA, KUTHYOLA KUTSATA

Alimi ambiri ayamba kuthyola, napakira, nasenzera katundu ku msewu, ndipo pamenepo mpamene ayamba kufunafuna galimoto. Munthu wotere wadzimanga yekha manja. Matimati ake ali padzuwa, ndipo mwini galimoto aliyense woima pamenepo aona kuti mlimiyo sangathe kukana mtengo uliwonse, kapena malo alionse amene ampatsa, ngakhale akhale pansi pa matumba a eni ake.

Tsono chitani chotere. Kutatsala masiku awiri kapena atatu, yendani m'dimba ndi kuwerengera kuti mudzathyola mabokosi angati. Pitani kwa mwini galimoto, mupangane naye za tsiku, za ola, za mtengo ndi za malo. Pangano litatha, thyolani madzulo a dzulo lake la ulendo dzuwa litapepa, kapena m'mamawa wa tsiku lomwelo mame atauma. Katundu wothyoledwa masana asunga kutentha kwa dzuwa m'kati mwake, ndipo akampanikiza m'galimoto kutenthako sikutuluka msanga.

Kutalika kwa ulendo ndiko kukuuzani matimati oyenera kuthyola. Ofiira psuu ndi ogulitsa pa msika wapafupi tsiku lomwelo. A ulendo wa ku mzinda akhale amene angoyamba kupsa, ooneka chikasu kapena kufiirira pang'ono kunsonga, koma olimba powagwira. Amenewo apirira kugwedezeka, ndipo apsa okha m'manja mwa wogula. Lililonse long'aluka, loboola mbozi kapena lofewa lisalowe m'bokosi, pakuti madzi ake anyowetsa anzake ndi kuwaoletsa. Chotsaninso timapesi touma ta pamutu pa chipatso ngati tili totalika, chifukwa tibaya matimati oyandikana nato galimoto ikamadumpha.

2. CHOTENGERA

Dengu lalikulu lakuya likondweretsa maso, popeza lilowa zambiri ndipo mwini galimoto aliwerenga ngati katundu mmodzi. Koma taganizani za matimati a pansi penipeni. Iwo asenza anzawo onse a pamwamba, ndipo pa dzenje lililonse la mumsewu katundu yenseyo awagwera ngati munsi. Pofika ku msika muona madzi ali kudontha pansi pa dengu, ndipo ntchentche zafika kale wogula asanafike. Ndiponso dengu silisanjika: mukaika lina pamwamba pake, kulemera kwake kukhala pa zipatso, osati pa nsungwi.

Bokosi la matabwa kapena kireti ya pulasitiki iposa dengu pa chifukwa ichi, kuti zipupa zake ndizo zisenza bokosi la pamwamba. Koma ubwino umenewu utha mukadzaza bokosi mpaka kutumphuka. Siyani danga la zala ziwiri pakati pa matimati ndi mlomo wa bokosi. Yesani poika thabwa pamwamba: likakhudza chipatso, chotsaniko zina. Kuya kwa bokosi kusapitirire masentimita 30, ndiko kuti pafupi zikhato ziwiri. Ngati muli ndi madengu okha, sankhani osaya ndi otakasuka, yalanimo udzu wouma wofewa pansi ndi m'mbali, ndipo dengu lililonse likhale ndi malo ake osasanjikizapo kanthu.

Mbatatesi ndi anyezi ziyenda bwino m'matumba, koma zikhale zouma. Mbatatesi yonyowa ndi matope itentha m'thumba niyamba kununkha, ndipo yosiyidwa poyera masiku angapo isanduka yobiriwira, yowawa ndi yosayenera kudya. Anyezi afuna thumba lolowa mphepo. Kabichi msiyireni masamba atatu kapena anayi akunja kuti amteteze, koma musanyamule masamba onse ndi tsinde lalitali, pakuti mudzalipira malo a zinthu zokataya ku dzala la msika.

Pali mwambo wosokerera thumba lina pakamwa pa linzake, kuti katundu achuluke koma mtengo wa galimoto ukhale wa thumba limodzi. Thumba lotere silinyamulika ndi anthu awiri mwaulemu. Alikoka, aligubuduza, naliponya pansi, ndipo mbatatesi zisupuka khungu. Chimene mwapulumutsa kwa mwini galimoto muchitaya kwa wogula.

3. PA NJINGA

Njinga ndiyo ichotsa katundu pakhomo kumfikitsa pa msewu kapena pa msika wa m'dera. Lamulo lake ndi ili: katundu akhale pansi, pakati, ndi wolingana mbali zonse ziwiri.

Mangani thabwa lolimba mopingasa pa kaliyala, pamwamba penipeni pa mtima wa gudumu lakumbuyo. Mabokosi awiri olemera mofanana alende, lina kumanja lina kumanzere, ndipo lachitatu likhale pakati pamwamba. Mabokosi atatu a makilogalamu 20 apanga makilogalamu 60, ndipo pa njira ya mapiri imeneyo ndi ntchito yokwana munthu mmodzi. Wosanjikiza mabokosi onse atatu mmwamba ngati nsanja adzaona njinga ili kumkokera uku ndi uku pokhota ponse.

Musananyamuke yesani chotere: imikani njinga pamalo osalala, muigwire pa chishalo ndi dzanja limodzi, ndi kuleka mahandulo. Gudumu lakutsogolo likafuna kudzuka, katundu wapita kumbuyo kwambiri, ndipo pa chitunda njinga idzakugwetsani chagada. Msendezeni kutsogolo. Njinga ikapendekera mbali imodzi, sinthani katundu kufikira italingana.

Malegeni, ndiwo mphira zocheka ku chubu chakale, amanga bwino chifukwa atamuka ndi kugwira. Koma adutse pa matabwa a bokosi kapena pa nthiti za dengu, asakhudze zipatso. Popani matayala alimbe, pakuti tayala lofewa pansi pa katundu litsinidwa ndi limu pa mwala, ndipo chubu chibooka mabowo awiri oyandikana. Gwirani masipoko a kumbuyo limodzi limodzi. Likaduka limodzi anzake asenza zopitirira, natsata kuduka, ndipo gudumu lipindika muli kutali ndi mmisiri.

Pa mtsetse wautali tsikani, mukankhe. Mabuleki amene aimitsa munthu yekha saimitsa munthu ndi makilogalamu 60, makamaka limu itanyowa ndi mame kapena mvula. Pa msewu wa tala yendani kumanzere kwenikweni, ndipo kumbukirani kuti mabokosi anu atambalala kuposa mapewa anu. Ponyamuka kusanache khalani ndi nyale kutsogolo ndi chinthu chowala kumbuyo kwa katundu, chifukwa katunduyo abisa inu ndi njinga yomwe kwa galimoto yochokera kumbuyo.

4. M'BASI

Basi iyenera munthu wa katundu wochepa, monga mabokosi awiri kapena atatu, kapena thumba limodzi. Basi inapangidwira anthu, ndipo katundu angopatsidwa malo otsala. Chifukwa chake panganani ndi kondakitala za mtengo wa inu ndi wa katundu, zonse ziwiri, katundu akali pansi. Akakwera kale mulibenso mawu.

M'basi yaing'ono malo a katundu ndi kumbuyo kwa mpando wotsiriza ndi pansi pa mipando. Kumbuyoko chitseko achikankha ndi mphamvu kuti chitsekeke, ndipo chimene chili pakati chiphwanyika. Kumeneko kuyenera thumba la mbatatesi, osati matimati. Malo a pafupi ndi injini atentha, ndipo ndiwo zamasamba zifota msanga pamenepo. Ngati matimati anu ali abwino ndi a mtengo, nkwabwino kulipira mpando wina woikapo mabokosi pambali panu, kusiyana ndi kuwapereka ku mapazi a anthu.

M'basi yaikulu katundu alowa m'zipinda za pansi. Imani pomwepo popakira, muone kuti wanu alowa potsiriza ndi kukhala pamwamba, ndi kuti sayandikana ndi zigubu za mafuta kapena matumba a nsomba zouma. Lembani dzina lanu kapena chizindikiro chanu pa katundu aliyense ndi utoto wosafufutika, mbali ziwiri. Matumba afanana, ndipo pa siteji ina munthu akhoza kutsitsa lanu, mwangozi kapena mwadala. Basi ikaima ndi kutsegula chipinda, suzumirani.

5. PA LOLE: KUWERENGA KULEMERA NDI MALO

Katundu akachuluka, njira yopindulitsa ndiyo kuti alimi a mudzi umodzi asonkhane ndi kubwereka lole imodzi. Mutu umodzi susenza denga. Koma lole idzaza m'njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri ziyenera kuwerengedwa. Idzaza ndi kulemera, ndipo idzaza ndi malo. Chimanga chidzaza lole ndi kulemera malo akalipo. Kabichi aidzaza ndi malo, kulemera kusanakwane.

Tiyeni tiwerenge chitsanzo. Tinene kuti lole ndi ya matani 3, ndiko kuti makilogalamu 3,000, olingana ndi matumba 60 a chimanga a makilogalamu 50. Tinenenso kuti mwayesa bodi lake ndi chingwe, ndipo mwapeza kuti m'litali ndi mamita 4, m'lifupi mamita 2. Musakhulupirire maso: yesani lole imene mwabwerekayo, pakuti malole asiyana.

Alimi abweretsa katundu wotere, atamuyesa pa sikelo:

Mbatatesi, matumba 18 a makilogalamu 60: makilogalamu 1,080.
Anyezi, matumba 6 a makilogalamu 50: makilogalamu 300.
Matimati, mabokosi 30 a makilogalamu 20: makilogalamu 600.
Kabichi, matumba 10 a makilogalamu 40: makilogalamu 400.

Zonse pamodzi ndi makilogalamu 2,380. Tsono onjezani anthu, pakuti nawonso ndi katundu. Anthu anayi a makilogalamu 60 apanga 240, ndipo chiwerengero chifika 2,620. Patsala makilogalamu 380 kuti lole ikwane. Pa kulemera tili bwino.

Tsopano malo. Thumba logona litenga pafupi mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi. Chotero matumba awiri ogona mopingasa akwana m'lifupi mwa bodi, ndipo mizere itatu yotere itenga mita imodzi ndi theka. Mwala umodzi wa matumba ndi asanu ndi limodzi. Mbatatesi zipanga miyalo itatu, ndipo anyezi akhala mwalo wachinayi pamwamba pake. Bokosi la masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi lilola kuti asanu aime mzere umodzi mopingasa. Mukasanjikiza atatu atatu, mzere umodzi utenga mabokosi 15, ndipo mizere iwiri itha onse 30 pa malo a mita imodzi ndi masentimita 20. Otsala ndi malo a mita imodzi ndi masentimita 30, ndipo amenewo akwana kabichi pa miyalo itatu.

Onani tsono kuti bodi ladzaza lonse, chinkana kulemera kukalipo kotsala. Mlimi wina akafika m'mawa wa ulendo ndi matumba asanu amene sanalembetse, mwini lole adzati, Ikani, galimoto ikhoza. Inde ikhoza, koma matumbawo alibe pokhala koma pamwamba pa matimati a mnzake. Nchifukwa chake katundu alembedwe dzulo lake, ndipo wosalembetsa adikire ulendo wina.

6. KAPAKIDWE

Chifukwa ninji mbatatesi kutsogolo, matimati pakati ndi kabichi kumbuyo? Zifukwa zake nzitatu.

Choyamba, galimoto ikaima mwadzidzidzi katundu yense athamangira kutsogolo. Cholemera chikakhala kumbuyo chiphwanya zonse zili patsogolo pake. Chikatsamira chipupa cha kutsogolo sichisuntha, ndipo chisanduka khoma lotsamirapo mabokosi.

Chachiwiri, katundu wolemera wokhala kuseri kwa magudumu akumbuyo atsitsa mchira wa lole ndi kupepula mutu wake. Magudumu akutsogolo sagwira bwino msewu, ndipo galimoto simvera woyendetsa pokhota. Pa mitsetse yotsika ku Dedza kunka ku Linthipe chimenechi si chinthu chosewera nacho. Koma woyendetsa akanena kuti kutsogolo kwalemera kopitirira, mverani, musendeze matumba ena chapakati, pakuti iye ndiye adziwa galimoto yake.

Chachitatu, kumchira kwa lole ndiko kudumpha koposa, monga adziwa aliyense anakhalako kumeneko. Pakati ndipo pofatsa. Kabichi apirira kudumpha, matimati sapirira.

Popakira tsatani dongosolo ili. Sesani bodi, ndipo ngati munali feteleza, simenti, mankhwala a mbewu kapena ziweto, litsukeni liume. Yalani udzu wouma kapena mphasa zakale. Sanjani matumba mopingasitsa ngati njerwa za nyumba, kuti mwalo wapamwamba umange wapansi, ndipo mbali ya kumanja ilingane ndi ya kumanzere. Mabokosi akhale ngodya pa ngodya, othinana, pakuti bokosi lokhala ndi danga ligubuduka ulendo wonse, ndipo matimati ake atuluka ndi zipsera zakuda za kukhulana. Danga likatsala tsekanipo ndi matumba opanda kanthu. Pakati pa mabokosi ndi kabichi imikani matabwa awiri omangirira ku zipupa za lole, kuti kabichi asakankhe mabokosi. Mangani zingwe mopingasa, ndipo mutayenda pang'ono imani, muzikokenso, chifukwa katundu akhazikika ndipo zingwe zilekerera.

Lona afunika pa mvula ndi pa dzuwa, koma asagone pa katundu ngati bulangete. Muutseni ndi nsichi kuti mphepo ilowe kutsogolo ndi kutuluka kumbuyo. Zipatso ndi masamba zipuma chinkana zathyoledwa, ndipo potero zitulutsa kutentha ndi chinyontho. Mukavundukula lona ndi kupeza madontho a madzi kunsi kwake, ndi mpweya wofunda ngati wa m'bafa, dziwani kuti katundu wapsa m'njira.

Pali zinthu zosayenera kuyandikana. Nthochi zakupsa zitulutsa mpweya wosaoneka umene ufulumizitsa kupsa kwa matimati ndi kusandutsa masamba a kabichi achikasu. Palafini, petulo ndi nsomba zouma zipatsira fungo lake ku ndiwo. Nkhuku ndi mbuzi zisakhale pamwamba pa chakudya, chifukwa cha zitosi ndi mikodzo. Ndipo munthu asakhale pa katundu. Awononga za pansi pake, ndiponso galimoto ikakhota kapena kuima mwadzidzidzi, iye ndiye ayamba kugwa. Sankhani anthu owerengeka okhulupirika okagulitsa m'malo mwa onse, monga mwa malo okhala amene lole ili nawo.

Musananyamuke zungulirani lole. Zizindikiro za kulemera kopitirira ndi izi: masipuling'i awongoka kapena apindikira pansi, matayala atupa m'mbali, matayala awiri a kumbuyo akhudzana, kapena bodi lipendekera mbali imodzi. Mukaona chimodzi cha izi tsitsani katundu. Tayala lophulika pakati pa ulendo, kapena kuimitsidwa ndi apolisi a pamsewu chifukwa cha katundu wopitirira, kusiya matimati anu padzuwa maola ambiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

7. KUGAWANA MTENGO WA LOLE

Apa mpamene pabuka milandu yambiri yofika kwa mfumu. Tinene, mwa chitsanzo chabe, kuti mtengo wa lole ndi K200,000. Mitengo isintha, koma kawerengedwe kake sikasintha.

Mukagawa monga mwa kulemera, kilogalamu imodzi ilipira pafupi K84. Thumba la mbatatesi lilipira K5,040, ndipo la kabichi K3,360. Pamenepo eni mbatatesi adzadandaula kuti, Kabichi watenga gawo limodzi la magawo atatu a bodi, koma alipira pang'ono. Mukagawa monga mwa malo, thumba la mbatatesi lilipira K3,125, ndipo la kabichi K6,500. Pamenepo eni kabichi adzati, Mbatatesi ndizo zilemetsa galimoto ndi kutha mafuta. Onse awiri anena zoona.

Njira yachilungamo ndiyo kuwerenga njira zonse ziwiri ndi kutenga chapakati. Pa chitsanzo chathu thumba la mbatatesi lilipira K4,100, la anyezi K3,700, la kabichi K4,900, ndipo bokosi la matimati K1,850. Zonse pamodzi zipanga K200,500, ndipo K500 yotsalayo ithandize kugula chingwe. Kuwerengera thumba ndi thumba mtengo umodzi, osayang'ana kukula kwake, ndiko kuphunzitsa anthu kusokerera matumba.

Mlimi aliyense akadziwa mtengo wa ulendo wa katundu wake, aonjezepo chiphaso cha msika, malipiro a otsitsa katundu ndi chakudya cha okagulitsa. Ndipo afanizire ndi mtengo umene ogula opikula apereka pa msewu pomwepo. Ngati mtengo wa ku mzinda suposa wa pa msewu ndi ndalama zopitirira zonsezi, gulitsani pa msewu, mubwerere ku dimba. Funsani pa lamya wina wa ku msikako musanapangane ndi mwini lole, pakuti sabata imene matimati asefukira mtengo ugwa msanga.

Ndi mwini lole panganani zinthu zisanu, ndipo zilembedwe pa pepala pamaso pa mboni: ola lofika pa mudzi, malo enieni otsitsira katundu, mtengo wonse, kuti sadzanyamula katundu wina kapena anthu ena m'njira, ndi kuti mabokosi opanda kanthu adzabwerera bwanji. Chachisanuchi ambiri achiiwala, ndipo mabokosi agona ku mzinda mpaka kutayika. Perekani gawo la ndalama ponyamuka, ndipo lotsala katundu atatsika. Panganani ola lakuti mufike pa msika kuli kucha, pamene ogula opikula ali ndi ndalama m'manja. Wofika masana apeza ogula atagula kale, ndipo agona pa msika ndi katundu wofota.

8. MAWU KWA MAFUMU NDI NYAKWAWA

Inu eni midzi, ntchito yanu pa nkhani iyi ndi yaikulu, ndipo ili patatu.

Patulani malo amodzi opakirira katundu, pa mthunzi, pamene lole ikhoza kutembenuka, ndipo pasadikhe madzi nthawi ya dzinja. Ngati palibe mtengo, anthu amange chisakasa cha udzu. Katundu wodikira galimoto padzuwa ola limodzi aonongeka koposa woyenda maola atatu pa mphepo.

Yenderani njira yochokera ku msewu waukulu mvula isanayambe. Dzenje limodzi losakwiriridwa, kapena kamlatho ka mitengo yofumbwa, kaletsa lole kulowa m'mudzi, ndipo mwini wake akweza mtengo kapena akana ndithu. Ngalande za m'mbali mwa njira zikhale zotseguka, kuti madzi asayende pakati pa njira.

Khalani mboni ya pangano. Mlembi mmodzi alembe dzina la mlimi aliyense, mtundu wa katundu wake, kuchuluka kwake ndi chizindikiro chake. Pepala limodzi lipite ndi okagulitsa, lina litsale kwa inu. Anthu amvanenso pasadakhale kuti katundu akaonongeka m'njira popanda wolakwa, monga pa ngozi, kutayako kudzagawidwa bwanji, ndi kuti wopakira zoola kapena wodzaza bokosi kopitirira adzasenza yekha kutaya kwake. Mlandu woweruzidwa lole isananyamuke sudanitsa abale.

9. POTSITSA

Pofika pa msika musalole kuti matumba aponyedwe kuchokera pamwamba. Anthu awiri akhale pa lole, awiri pansi, ndipo mabokosi apatsirane m'manja. Werengani katundu ndi pepala lija lole isanachoke.

Ndipo tsegulani bokosi limodzi la pansi, muyang'ane, pakuti katundu yekha adzakuuzani cholakwika. Matimati ophwanyika pansi pa bokosi anena kuti bokosi linali lakuya kapena zipatso zinapsa kwambiri. Ophwanyika pamwamba anena kuti linadzaza kopitirira, kapena china chinakhalapo. Zipsera za m'mbali zinena kuti mabokosi anali ndi danga, kapena anakhala kumchira. Ofewa onse ndi ofunda anena za lona wothina kapena kudikira padzuwa. Okagulitsa afotokoze zimenezi pobwerera ku mudzi pamaso pa onse, kuti pa ulendo wotsatira chinthu chimenecho chikonzedwe lole isanafike.